Masamu a Cassel ndi Fisher sadziwa tsiku logwa kwacha, koma wamalonda wa pa Kamuzu Road asawataye

Mu Febuluwale 2024 dola imodzi inkagulitsidwa pa K1,700 m'mabanki athu. Aliyense amene adatenga cholembera mwezi umenewo nkugwiritsa ntchito malamulo awiri amene ophunzira zachuma amaphunzitsidwa poneneratu za mtengo wa ndalama zakunja, adapeza kuti pofika Febuluwale 2025 dola idzakhala pakati pa K2,000 ndi K2,150. Chaka chidatha, ndipo pa bolodi ya kubanki padalembedwa K1,751. Kuchokera apo ndamva anthu ophunzira bwino akunena kuti masamu amenewa ndi a m'kalasi basi, kuno kwathu sagwira. Ine ndikutsutsa. Masamuwo sadaname. Anthu adawafunsa funso limene sangayankhe, nkusiya limene amayankha bwino. Ndipo amene amapweteka ndi chisokonezo chimenechi si mphunzitsi wa kuyunivesite, koma munthu wa shopu pa Kamuzu Road ku Salima amene amaoda katundu kunja nkumugulitsa pangongole.

Lamulo loyamba adalitchukitsa ndi Gustav Cassel, katswiri wazachuma wa ku Sweden, nthawi ya nkhondo yoyamba yapadziko lonse. M'mabuku a Chingerezi amalitcha purchasing power parity, nkulifupikitsa kuti PPP. Ganizo lake ndi lakuti ndalama ili ndi mphamvu molingana ndi zimene ingagule. Ngati mitengo ya zinthu ku Malawi ikukwera mofulumira kuposa ku Amerika, kwacha ikugula zochepa chaka ndi chaka poyerekeza ndi dola, choncho mtengo wa dola m'makwacha uyenera kukwera kuti ziwirizi zifanane. Ukapanda kukwera, katundu wakunja amayamba kuoneka wotchipa kuposa wakuno, aliyense amathamangira kukaoda kunja, wogulitsa kunja amaona kuti sakupindula, ndipo madola amasowa. Kusowa kumeneko ndi kumene kumakankha mtengo. Polemba, zimakhala chonchi:

```
S1 = S0 × (1 + p_MW) / (1 + p_US)
```

S0 ndi mtengo wa dola lero, S1 ndi mtengo woyembekezeka chaka chikatha, ndipo ma p awiriwo ndi kukwera mitengo kwa zinthu m'mayiko awiriwo pa chakacho. Tiyeni tiikemo manambala a nthawi ija. Kuno mitengo idakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pakati pa Febuluwale 2024 ndi Febuluwale 2025, ku Amerika ndi pafupifupi 3 peresenti. Ndiye 1,700 kuchulukitsa ndi 1.30, kugawa ndi 1.03, tikupeza K2,146. Ena amadula njira pongochotsa 3 pa 30 nkuwonjezera 27 peresenti pa 1,700, zimene zimapereka K2,159. Kumayiko kumene mitengo imakwera ndi 2 kapena 3 peresenti kudula njirako kulibe vuto, koma kuno manambala ndi aakulu, ndi bwino kugawa monga mmene lamulo likunenera.

Lamulo lachiwiri limatchedwa ndi dzina la Irving Fisher wa ku Amerika, ndipo m'mabuku a Chingerezi ndi International Fisher Effect, mwachidule IFE. Fisher adaona kuti wobwereketsa ndalama safuna kubwezeredwa ndalama zofooka. Choncho chiwongoladzanja chimene timaona chili ndi mbali ziwiri: phindu lenileni limene mwini ndalama akufuna, ndi kukwera mitengo kumene akuyembekezera. Tsono tiyerekeze kuti ndalama zimaoloka malire mosavuta. Ngati phindu lenileni litakhala lalikulu m'dziko lina, eni ndalama angathamangire kumeneko mpaka litafanana kulikonse. Likafanana, kusiyana kotsala pa chiwongoladzanja cha mayiko awiri ndi kusiyana kwa kukwera mitengo kumene anthu akuyembekezera, ndipo malinga ndi Cassel kumeneko ndiye kugwa kwa ndalama. Mwachidule, dziko la chiwongoladzanja chachikulu ndalama yake ikuyembekezeka kugwa, ndipo igwa mokwanira kudya phindu loonjezeralo. Polemba, ma i awiriwo ndi chiwongoladzanja cha pachaka m'mayiko awiriwo:

```
S1 = S0 × (1 + i_MW) / (1 + i_US)
```

Mu Febuluwale 2024 Banki Yaikulu ya Malawi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo ngongole za boma za chaka chimodzi zinkapereka cha pomwepo. Ku Amerika ngongole za boma za chaka chimodzi zinkapereka pafupifupi 5 peresenti. Ndiye 1,700 kuchulukitsa ndi 1.26, kugawa ndi 1.05, tikupeza K2,040.

Manambala tili nawo atatu: K2,146 wa Cassel, K2,040 wa Fisher, ndi K1,751 amene adaonekadi pa bolodi. Tione chimene aliyense akutanthauza kwa munthu wamalonda.

Tiyerekeze mayi wina wa shopu pa Kamuzu Road amene amaoda mainjini a boti nkumagulitsa kwa eni zilimira a ku Senga Bay, Lifuwu ndi Chipoka. Mitengo iyi ndi yongoyerekeza kuti masamu ayende bwino. Mu Febuluwale 2024 waoda mainjini anayi pa madola 2,500 iliyonse, zonse pamodzi madola 10,000, ndipo walipira K17,000,000. Mwini chilimira sangathe kulipira injini kamodzi. Ndalama yake imabwera ndi usipa, ndipo miyezi ina nyanja imakana. Choncho mayiyo agwirizana nawo kuti azipereka pang'onopang'ono kwa chaka, ndipo waikapo phindu la 20 peresenti. Zonse zikabwera adzakhala ndi K20,400,000. M'kope mwake mwalembedwa phindu la K3,400,000, ndipo akaliyang'ana mtima uli m'malo.

Koma wamalonda sapima phindu ndi makwacha ali m'manja. Amapima ndi katundu amene angabwezeretse pa shelefu. Pa mtengo wa K1,751, madola 10,000 ndi K17,510,000, ndipo phindu lilipo ndithu. Pa mtengo wa Fisher, K2,040, madola omwewo ndi K20,400,000 ndendende. Phindu lonse lija lapita, mayiyo wagwira ntchito chaka chathunthu, wayenda kugombe kukatolera ngongole, nkungobwerera pamene adayambira. Pa mtengo wa Cassel, K2,146, akufunika K21,460,000, ndiye kuti mpamba waperewera ndi K1,060,000. Apa sitidawerengere kuti injiniyonso yakwera pang'ono m'madola komwe amaodako.

Wina anena kuti, nanga si zimene zidachitikadi ndi K1,751? Ndiye mayiyo adapindula, masamu aja adangomuopseza pachabe. Apa ndi pamene pagona nkhani. K1,751 unali mtengo wolembedwa, osati mtengo umene wamalonda wamng'ono ankapezera dola nthawi imene akuifuna. Amene adayesa kupempha foreksi kubanki m'chaka chimenecho akudziwa kuti mapepala ankakhala milungu kapena miyezi, ndipo mafuta, mankhwala ndi feteleza zinkakhala patsogolo. Kumsika wakuseri, umene malamulo athu salola ndipo ine sindikutumako munthu, dola idadutsa K3,000 kumayambiriro kwa 2025. Ngakhale munthu amene sadapondeko kumsika umenewo adaulipira mtengowo, chifukwa akuluakulu ooda katundu ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankaika mitengo yawo molingana ndi kumene adapeza dola. Pa K3,000, ndalama ya mayi uja ya K20,400,000 ndi madola 6,800. Adayamba ndi mainjini anayi, tsopano ngakhale atatu sakukwana.

Ndiye ndani adaneneratu bwino za mtengo umene mayiyo adakumana nawo? Amene adamuuza kuti dola ikhala pomwepo adalondola pa bolodi, nkumuphonyetsa pa shelefu. Amene adamuuza K2,146 adaphonya bolodi, koma adamuuza mbali yoyenera kuyang'ana, ndipo cholakwa chake chinali chakuti adanena zochepa. Mayiyo akadamvera Cassel akadadziwa kuti 20 peresenti pa ngongole ya chaka si phindu konse m'dziko limene mitengo ikukwera ndi 30.

Chifukwa chimene bolodi simvera masamuwa si chobisika. Malamulo awiriwa amaganiza kuti mtengo wa dola umayenda wokha tsiku ndi tsiku molingana ndi ogula ndi ogulitsa. Kwacha yathu siyenda choncho. Imaima nthawi yaitali, kenako imadumpha. Mu Meyi 2012, patangopita milungu yochepa Joyce Banda atatenga utsogoleri, dola idachoka pa K167 kufika pa K250 tsiku limodzi. Kuyambira 2017 mpaka 2019 idakhazikika cha m'ma K730, pamene mitengo ya zinthu inkakwerabe chaka chilichonse. Mu Meyi 2022 idadumpha ndi 25 peresenti kufika cha m'ma K1,036. Mu Novembala 2023 idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, patangotsala masiku ochepa kuti IMF ivomereze ngongole yatsopano ya dziko lino. Masiku amenewa sadasankhidwe ndi masamu. Adasankhidwa ndi anthu m'maofesi, poyang'ana chisankho, zokambirana ndi obwereketsa ndalama, ndi kutalika kwa mizere ya pamalo omwetsera mafuta. Palibe lamulo la m'buku limene lingadziwe tsiku limene msonkhano wotero udzachitike.

Kadziwitso kakang'ono pa kudumpha kwa mu 2023: 44 peresenti imene idalengezedwa ndi kukwera kwa mtengo wa dola, 1,700 kugawa ndi 1,180. Mphamvu imene kwacha idataya ndi pafupifupi 31 peresenti, 1,180 kugawa ndi 1,700. Onse ndi oona, koma wooda katundu amene amamukhudza ndi 44, chifukwa iye amagula dola.

Chimene Cassel amapima ndi mtunda umene wasonkhana pakati pa mtengo wa pa bolodi ndi mitengo ya m'sitolo. Mwezi uliwonse umene sopo, simenti ndi malipiro zikukwera koma dola yaima, mtundawo ukukula. Msodzi wa ku Nkhotakota sangakuuzeni tsiku limene mwera udzawombe, koma Juni akalowa sasiya bwato lake pomangidwa mwachisawawa. Wamalonda naye sakusowa tsiku. Akusowa kudziwa kuti mtunda wakula bwanji.

Tiyese njirayi pa nthawi ina kuti tione ngati ikugwira. Tiyambire pa K1,036 ya mu Meyi 2022 mpaka kumayambiriro kwa Novembala 2023, chaka ndi theka. Mitengo kuno inkakwera ndi cha m'ma 27 peresenti pachaka, zimene pa chaka ndi theka zikupanga pafupifupi 43 peresenti. Ku Amerika idakwera ndi pafupifupi 5 peresenti pa nthawi yonseyo. Ndiye 1,036 kuchulukitsa ndi 1.43, kugawa ndi 1.05, tikupeza cha m'ma K1,410. Pa bolodi panali K1,180. Aliyense amene adachita masamuwa mu Okutobala 2023 adaona kuti mtengo wa kubanki watsalira m'mbuyo ndi makwacha oposa 200 ndipo sungakhalitse. Sudakhalitsedi. Koma dola siidaime pa K1,410, idapita pa K1,700.

Kuphonya kwa pafupifupi K300 kumeneku kukuonetsa chofooka chachikulu cha lamulo la Cassel, ndipo ndi chimene ambiri saphunzitsidwa bwino. Masamuwa amaganiza kuti S0, mtengo woyambira, unali woyenera. Ngati woyambirawo unali kale wotsalira, yankho lonse limatsalira. K1,036 ya mu 2022 inali ndi ngongole ya zaka zija dola idaima pa K730, ndipo kudumpha kwa 25 peresenti sikudaibweze yonse. Umboni wake ndi wakuti ngakhale itadumpha, madola sadayambe kupezeka m'mabanki. Choncho posankha poyambira, musangotenga tsiku lapafupi. Funsani kuti: pa nthawi imeneyo, kodi munthu wamba akalowa m'banki ndi mapepala oyenera ankatuluka ndi dola? Kodi mtengo wa kubanki ndi wa kunja kwa banki zinali pafupi? Ngati yankho ndi ayi, dziwani kuti chimene mupeze ndi mtengo wotsikitsitsa umene mungayembekezere, osati wapakati. Izi ndi zimenenso zikufotokoza chifukwa chake K2,146 idachepa poyerekeza ndi zimene amalonda adakumana nazo mu 2025.

Chofooka china chili mu nambala ya kukwera mitengo. Ofesi ya boma yowerengera zinthu ku Zomba imatulutsa nambalayi mwezi ndi mwezi, ndipo pafupifupi theka la dengu limene amapimira ndi chakudya, makamaka chimanga. Chimanga chikakwera chifukwa cha chilala, monga zidachitikira mu 2024, nambala yonse imakwera. Koma chilala si chimene Cassel ankanena. Iye ankanena za katundu amene angaoloke malire mitengo ikasiyana. Lendi ya nyumba ku Salima, mtengo wa kabaza kuchoka pa Kamuzu Road kupita kumsika, kapena malipiro a mlovi, sizingatumizidwe ku Amerika, ndipo palibe chimene chimazikakamiza kufanana ndi za kumeneko. Nchifukwa chake ndi bwino kuchita masamuwa kawiri: kamodzi ndi nambala yonse, kenako ndi nambala ya zinthu zosakhala chakudya, imene ofesi yomweyo imatulutsa. Mu 2024 imeneyi inali cha m'ma 22 peresenti, ndipo ikupereka pafupifupi K2,014. Ndiye m'malo mwa nambala imodzi muli ndi mpata, K2,014 mpaka K2,146. Mpata wotero ndi woona kuposa nambala imodzi yooneka ngati yotsimikizika. Ndipo ngati katundu wanu mumalipira m'marandi kapena m'mashilingi a ku Tanzania, gwiritsani ntchito mtengo wa ndalama imeneyo ndi kukwera mitengo kwa dziko limenelo, osati kwa Amerika.

Pa malamulo awiriwa, kuno ine ndimakhulupirira Cassel kuposa Fisher, ndipo chifukwa chake nachi. Lamulo la Fisher laima pa mwendo umodzi, wakuti phindu lenileni ndi lofanana m'mayiko onse chifukwa ndalama zimayenda momasuka. Ku Malawi mwendo umenewo ndi wothyoka. Munthu wa ku Dwangwa amene waona kuti kwacha ikufooka sangangotenga ndalama zake nkukaziika m'banki ya ku Amerika. Malamulo oyendetsera ndalama zakunja samulola. Choncho chiwongoladzanja chathu chikhoza kukhala pansi pa kukwera mitengo kwa nthawi yaitali popanda chochikankha. Onani 2024: chiwongoladzanja cha 26 peresenti, mitengo ikukwera ndi 30 kapena kuposa. Gawani 1.26 ndi 1.30, mupeza kuti wobwereketsa ndalama ku boma ankataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yogulira pachaka. Ku Amerika, 5 peresenti pa mitengo yokwera ndi 3, ankapindula pafupifupi 2. Phindu lenileni silinali lofanana, ndipo ndiko kusiyana kwa K2,040 ndi K2,146. Chiwongoladzanja cha kuno sichinena zimene msika ukuyembekezera. Chimanena zimene Banki Yaikulu yasankha ndi zimene boma likufuna kubwereka.

Palinso vuto losankha chiwongoladzanja. Cha pa akaunti yosungira ndalama ndi chaching'ono kwambiri, ndipo mukachiika m'masamuwa chikuuzani kuti kwacha siigwa, zimene ndi nthabwala. Cha ngongole ya kubanki chili ndi phindu la banki ndi mantha akuti wobwereka sabweza. Cha banki mkhonde kapena katapila ndiye musachiyandikize nkomwe. Choyenera ndi cha ngongole za boma za nthawi yofanana mbali zonse ziwiri, chaka kuno, chaka uko.

Komabe Fisher ali ndi phunziro limene sindingalitaye, ndipo ndi la amene amakopeka ndi chiwongoladzanja chachikulu. Munthu amene adabwereketsa boma makwacha mu Febuluwale 2024 adapeza 26 peresenti, dola ya pa bolodi nkungokwera ndi 3. Papepala, m'madola, adapindula ndi 22 peresenti, ndipo akhoza kunena kuti Fisher ndi wabodza. Koma tengani mnzake amene adachita zomwezo chaka chimodzi m'mbuyo, kumayambiriro kwa 2023, dola ili pa K1,036, chiwongoladzanja chili cha m'ma 20 peresenti. K1,036,000 yake inali madola 1,000. Chaka chitatha inali K1,243,200, ndipo pa K1,700 imeneyo ndi madola 731. Adataya zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi. Phatikizani zaka ziwirizo, muona kuti chiwongoladzanja chachikulu chija sichinali mphatso. Chinali malipiro odikirira kudumpha kumene palibe ankadziwa tsiku lake. Chaka chimodzi chokha sichingaweruze lamuloli m'dziko limene ndalama imaima nkudumpha.

Anzanga owerenga mabuku ali ndi mfundo yolimba yotsutsa zonsezi, ndipo ndiyenera kuilemekeza. Mu 1983 Richard Meese ndi Kenneth Rogoff adaonetsa kuti pa ndalama zikuluzikulu za padziko, kungonena kuti mtengo wa mawa ndi wofanana ndi wa lero kumaneneratu bwino kuposa masamu a akatswiri pa nthawi yofika chaka. Mu 1984 Eugene Fama adapeza kuti ndalama za chiwongoladzanja chachikulu kawirikawiri sizigwa monga Fisher amanenera, nthawi zina zimalimba kumene. Ndipo kafukufuku wambiri adapeza kuti mtengo ukasiyana ndi wa Cassel, pamatenga zaka zitatu mpaka zisanu kuti theka lokha la kusiyanako litsekeke. Zonsezi ndi zoona. Koma onani ndalama zimene ankapima: dola, yeni, mapaundi ndi zinzake, kumene kukwera mitengo kumasiyana pang'ono, pamene ndalamazo zimatha kukwera kapena kutsika ndi 10 peresenti pachaka pa zifukwa zina. Kumeneko mawu a Cassel amamira m'phokoso. Kuno mu 2024 kusiyana kunali koposa 25 peresenti pachaka, ndipo palibe phokoso limene lingabise zimenezo kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Akatswiri omwewo amavomereza kuti lamuloli limagwira bwino m'mayiko a mitengo yokwera kwambiri. Mwatsoka, tili m'gulu limenelo.

Ena amati bwanji osangoyang'ana mtengo wa kumsika wakuseri, poti ndiwo weniweni? Nawonso si weniweni wonse. Msika umenewo ndi waung'ono, wobisika, ndipo mu mtengo wake muli mantha ogwidwa, mphekesera, ndi kusowa mtendere kwa munthu amene akufuna dola lero kuti katundu wake asagone pamalire. Umakwera mopitirira mphekesera zikachuluka, ndipo umatsikako fodya akayamba kugulitsidwa kuyambira mu Epulo. Wamalonda amene amasintha mitengo yake tsiku ndi tsiku potsata zimene wamva pa foni amathamangitsa makasitomala mwezi uno nkuluza mwezi wamawa. Mtengo wa Cassel uli pansi, wa kuseri uli pamwamba, ndipo dola ya kubanki ikadzadumpha, malo oyembekezeka kugwera ndi pakati pa ziwirizi.

Mfundo yotsutsa imene imandivuta kwambiri ndi iyi: ngati aliyense ayamba kuika mitengo poyembekezera kuti kwacha igwa, kodi si ndiye kuti tikukweza tokha mitengo nkuigwetsa? Muli choonadi m'menemo. Zimene anthu amayembekezera zimalowa m'mitengo. Koma sindingauze mayi wa mainjini uja kuti adye mpamba wake pofuna kuthandiza dziko. Mitengo sikukwera chifukwa cha kope lake. Ikukwera chifukwa boma limagwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene limatolera nkumabwereka zotsalazo, chifukwa timaoda kunja zambiri kuposa zimene timagulitsa, ndi chifukwa cha nyengo. Iye akakana kuwerengera, shopu itsekedwa, ndipo asodzi a ku Senga Bay adzakagula injini ku Lilongwe pa mtengo wokwera kuposa.

Ndiye achite chiyani? Malamulo athu salola kuika mitengo m'madola pa malonda a m'dziko muno, choncho njira imeneyo kulibe. Chimene angachite ndi kusiyanitsa mtengo wa kashi ndi wa ngongole pogwiritsa ntchito masamu omwewa. Pa manambala a chaka chija, gawani 1.30 ndi 1.03, mupeza 1.26 pachaka, kapena pafupifupi 2 peresenti pamwezi. Injini ya K4,250,000 yokhala ndi phindu la 20 peresenti ndi K5,100,000 kwa wolipira lero. Ngati wogula alipira yonse pakatha miyezi isanu ndi umodzi, mtengo wosunga phindu lomwelo ndi pafupifupi K5,730,000, ndipo pakatha chaka ndi pafupifupi K6,440,000. Ngati akupereka mofanana mwezi ndi mwezi kwa chaka, ndalama zimakhala kunja pafupifupi theka la nthawiyo, ndiye mtengo uli pafupi ndi wa miyezi isanu ndi umodzi uja. Mwini chilimira akaona K6,440,000 adzadandaula, ndipo ali ndi ufulu. Koma manambalawo akaikidwa patebulo, awiriwo akhoza kupeza pokumana: ndalama yoyamba yokulirapo, ngongole ya miyezi inayi m'malo mwa chaka, kubweza kwambiri m'miyezi imene usipa wachuluka. Ndipo ndalama iliyonse yobwera isagone m'akaunti. Isanduke katundu msanga, chifukwa injini ya pa shelefu imadumpha limodzi ndi dola pamene kwacha ya m'akaunti imatsala.

Masamuwa ndi oyenera kuwabwereza mwezi uliwonse nambala yatsopano ikatuluka ku Zomba, poyambira pakhale pomwe paja osasintha. Kusiyana kwa yankho ndi bolodi kukakhala kwa 5 peresenti, palibe chodetsa nkhawa kwenikweni. Kukadutsa 20, mabanki nkumachedwa kupereka foreksi, mizere ya mafuta nkuyamba pa Salima ndi pa Nkhotakota, ndipo nyuzipepala nkumalemba za alendo a IMF ali ku Lilongwe, imeneyo ndi nthawi yofupikitsa ngongole zonse ndi kusiya kulonjeza mtengo wa katundu amene sadafike. Kuyambira pa K1,700 ija, zaka ziwiri za mitengo yokwera ndi 30 kuno ndi 3 uko zikupereka 1,700 kuchulukitsa ndi 1.26 kawiri, pafupifupi K2,700, ndipo tanena kale kuti poyambira pakakhala potsalira, yankho lotere ndi lotsikitsitsa.